Miyezi itatu, mapilitsi awiri

Pepala limene mayi wina wolemba mapologalamu a pawayilesi ku Metangula anali nalo m'manja linali la mphindi zisanu zokha, lonena za likodzo. Ine ndinkayesa kuti awonjezera mawu, koma cholembera chake chinayamba ndi kufufuta.

Chiganizo choyamba chinkati munthu akasamba m'madzi oipa, pakapita nthawi amakodza magazi. Anadula mzere kunsi kwa "madzi oipa" ndi kunsi kwa "pakapita nthawi". Msodzi wa ku Kobwe amene amasamba m'madzi oyera mbee, nkuona mkodzo wake uli bwinobwino mawa lake, angoti wayilesi ikunama. Chonsecho tizilombo ta likodzo timachokera mu nkhono zokhala m'madzi osaya a m'mphepete mwa nyanja, ngakhale madziwo aoneke oyera. Timaboola khungu, nkukakhazikika m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake, amene amachititsa magaziwo, amayamba kutuluka patatha masabata 10 mpaka 12.

Analemba nambala ziwirizo, nkuwerenga mokweza chala chili pamzere. Anapukusa mutu. Diso limatha kubwerera pamzere, koma khutu likaphonya laphonya, makamaka wayilesi ikamalira pagombe anthu akusoka ukonde. Anasintha nkulemba "pafupifupi miyezi itatu", kenaka anaimangirira pa chinthu chimene aliyense amakumbuka: mwana amene ankasewera m'madzi pa Khirisimasi angaone magazi m'mwezi wa Malichi. Apa mpamene ndinagoma naye. Kholo limene linkaganizira zimene mwana wadya dzulo tsopano likhoza kuwerenga miyezi chobwerera ndi zala zake. Mawu oti "pafupifupi" sanawachotse, poti thupi la munthu si wotchi, ndipo nambala yolimba kuposa choonadi imagwetsa wolemba tsiku limene wina adwala mochedwerako.

Ndime ya mankhwala ndiyo inamudyera nthawi. Poyamba inkangoti kuchipatala amapereka mankhwala okwanira. Okwanira angati? Mankhwala ake ndi pulazikwantelo, ndipo muyeso wake ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu, pomwe pilitsi limodzi limakhala ndi mamiligalamu 600. Anatembenuza pepala nkuwerengetsa kuseri kwake. Mwana wolemera makilogalamu 30 afunika mamiligalamu 1,200, ndiye kuti mapilitsi awiri. Samu yonseyo inatsalira kuseriko. Chimene chinalowa m'pologalamu ndi ndodo yoyezera msinkhu, imene azaumoyo amaimikapo ana akamagawa mankhwalawa m'masukulu mopanda sikelo. Pandodoyo, mwana wotalika masentimita 125 mpaka 137 amalandira mapilitsi awiri, ndipo mnzake wamtali amalandira ochulukirapo.

Anandilozera chifukwa chake ndi nsonga ya cholembera. Mayi akamva kuti mwana wake wapatsidwa awiri pamene wa mnansi wapatsidwa atatu, amaganiza za tsankho kapena za kuba. Akadziwa za ndodo ija, mtima umakhala pansi. Koma nambala yomweyo ingapweteke ngati wina aimva theka nkukagula mapilitsi pamsika, choncho m'chiganizo chotsatira anaikamo kuti woyeza ndi wazaumoyo, ndiponso kuti mwana adye kaye nsima kapena phala, poti pamimba yopanda kanthu mankhwalawa amachititsa chizungulire ndi nseru. Anawonjezanso kuti pilitsi silitchinjiriza mwana akabwereranso m'madzi omwe aja. Mfundo yosakomayo anaisiyamo dala, chifukwa mwana akadzadwalanso chaka chamawa, kholo lidzakumbuka kuti wayilesi inanena.

Panali nambala imodzi yokongola imene anaikana. Mnzake wina anali atalemba m'mbali mwa pepala kuchuluka kwa ana odwala likodzo pa ana 100 alionse, kuchokera m'kafukufuku wa ku Chembe, m'boma la Mangochi. Nyanja ndi imodzi, inde, koma gombe ndi lina, nkhono zake ndi zina, chaka chakenso ndi china. Mphunzitsi wa ku Messumba amadziwa ana ake, ndipo akangomva chiwerengero chosafanana ndi zimene amaona m'kalasi, miyezi itatu ija ndi mapilitsi awiri aja azikayikiranso. Mayiyo anafufuta, nkusiya mpata wa mizere iwiri woti adzalembemo zimene kaundula wa chipatala cha m'dera lawo anganene, pamodzi ndi mwezi ndi chaka chake.

Atatha anayatsa wotchi ya pafoni nkuwerenga pepala lonse ndi mawu a pawayilesi, akumapumira pang'ono asanatchule nambala iliyonse ndiponso ataitchula. Anapitirira ndi masekondi ochepa. Anachotsa moni wachiwiri wa kumayambiriro, nkubwereza za Khirisimasi ndi Malichi kumapeto.