Chingwe cha Kalulu ndi chimene chimagwetsa zimphona

Madzulo ena, pa pologalamu ya nthano imene ndimayendetsa pa wailesi yathu ya m'dera, ndidaulutsa nthano ya Kalulu, Njovu ndi Mvuu. Nditangotha kunena kuti "kaphuleni mbatata", bambo wina wachikulire adaimba lamya. Iwo adati: "Inu a pawailesi, mukuwaphunzitsa chiyani ana athu? Sabata iliyonse wabodza ndiye amapambana, wamkulu n'kuchita manyazi. Mawa anawa adzatimanga chingwe ife makolo awo." Nthawi inali itatha ndipo ndidangowathokoza, koma funso lawo lidandikhala kukhosi. Ngati bambowo akunena zoona, ndiye kuti ndisiye kuulutsa nthano zotere. Ndikulemba pano kuti ndiwayankhe modekha, komanso kuti inu amene mumakambira ana nthano muweruze nokha.

Tiyambe ndi nthanoyo, monga ndidaimvera kwa agogo anga aakazi. Kalulu adapita kwa Njovu nati: "Mawa tikokane chingwe, ndipo ine ndidzakugwetserani m'madzi." Njovu adaseka mpaka misozi, koma adavomera. Kalulu adatsikira kumtsinje nauza Mvuu kuti: "Mawa tikokane chingwe, ndipo ine ndidzakutulutsirani kumtunda." Mvuu nayenso adaseka navomera. Kutacha, Kalulu adapereka nsonga ina ya chingwe kwa Njovu kuseri kwa chitunda, ina kwa Mvuu m'dziwe, iye n'kukhala pakati pa tchire. Adagwedeza chingwe kamodzi, ndipo akuluakulu awiriwo adakokana tsiku lonse osaonana. Dzuwa litapendeka, Kalulu adadula chingwe, onse awiri n'kugwa chagada. Kenaka adapita kwa aliyense payekha kukalandira ulemu wake.

Anthu ambiri amati Njovu adagonja chifukwa anali wopusa. Ine sindivomereza, chifukwa m'nthano zina Njovu yemweyo ndiye mfumu yoweruza milandu ya nyama zonse. Tayang'anani zimene Kalulu adayenera kudziwa kuti chinyengo chake chitheke. Adadziwa kumene Njovu amaima m'mawa ndi dziwe limene Mvuu amagona. Adadziwa kuti chitunda chidzawabisa, kuti mphamvu zawo n'zofanana kotero kuti wina sadzakoka mnzake msanga, ndiponso kuti palibe mwa iwo amene adzaulule kwa mnzake kuti adalephera kukoka kalulu. Nanga Njovu ankadziwa chiyani za Kalulu? Ankangodziwa kuti ndi kanthu kakang'ono. Sadafunse n'komwe kuti nsonga ina ya chingwe yapita kuti, pakuti amene sadagonjepo saona chifukwa choyendera chingwe mpaka kumapeto.

Yankho langa lagona pamenepa. Wamng'ono amakakamizika kumuphunzira wamkulu tsiku ndi tsiku kuti asapondedwe, pomwe wamkulu palibe chimene chimamukakamiza kuphunzira wamng'ono. Tonse timazidziwa izi pakhomo. Mwana amadziwa kutsokomola kwa bambo ake ali patali, ndipo amazindikira ngati abwera okwiya kapena osangalala asadalowe m'nyumba. Waganyu amadziwa tsiku limene mwini munda amakhala ndi ndalama m'thumba, koma mwini mundayo nthawi zina sadziwa ngakhale mudzi umene waganyu wake amachokera. Nzeru za Kalulu zidachokera kumantha a munthu amene amagona pafupi ndi phazi la njovu.

Mwina wina anganene kuti Njovu ndi nyama chabe, si chimphona chenicheni. Ndiye tiyeni tione zimphona zenizeni za m'nthano za kutali. Abale awiri a ku Jeremani otchedwa Grimm adayamba kusindikiza nthano za kwawo m'chaka cha 1812, ndipo mwa izo muli ya telala wamng'ono wolimba mtima. Chimphona chidatola mwala n'kuufinya mpaka madzi adadontha. Telala adatulutsa m'thumba tchizi, chakudya chofewa chopangidwa ndi mkaka, n'kuchifinya ngati mwala, ndipo madzi adatuluka ochuluka kuposa a chimphona. Chimphona chidaponya mwala m'mwamba kutali, koma mwalawo udabwerera pansi. Telala adaponya mbalame imene adali nayo m'thumba, ndipo siidabwerere. Apanso chimphona sichidapemphe kuti chione chimene chili m'dzanja la telala. Chimayesa chilichonse ndi muyeso umodzi wokha, wa mphamvu, ndiye chikaona madzi akudontha chimangoganiza kuti munthuyu ali ndi dzanja lolimba.

Chakutsogolo kwa nthano yomweyo, telala adatumidwa kukapha zimphona ziwiri. Adazipeza zili mtulo pansi pa mtengo, iye n'kukwera mumtengomo ndi miyala m'matumba. Adagwetsera miyala pachifuwa cha chimodzi, ndipo chidadzuka n'kuyamba kukalipira chinzake. Adachitanso chimodzimodzi kwa chinacho, mpaka ziwirizo zidazula mitengo n'kumenyana kufikira zonse zidafa. Nditaiwerenga koyamba ndidaseka ndekha, chifukwa ndidaona chingwe cha Kalulu chomwe chija. Telala sadamenye chimphona, monganso Kalulu sadakoke chingwe. Onse awiri adabwereka mphamvu za wamkulu mmodzi kuti agwetsere wamkulu mnzake. Mkambi wa nthano alibenso njira ina, pakuti atati Kalulu adakoka Njovu ndi manja ake, ngakhale mwana wa zaka zinayi angamutsutse. Chinthu chokhacho chachikulu mokwanira kugwetsa chimphona ndi mphamvu zake zomwe, kapena za chimphona chinzake.

Palinso funso lakuti nthano imakambidwa kwa yani. Kwathu nthano zinkakambidwa usiku, makamaka ntchito za kumunda zikachepa, ndipo okamba ambiri anali agogo aakazi. Oyankha "tili tonse" anali ana. M'maso mwa mwana aliyense wamkulu ndi chimphona: mawu ake ndi aakulu, amadya mbale yaikulu, ndipo angathe kukunyamula ndi dzanja limodzi. Nthano imene chimphona chimadya mwana n'kupita kukagona ilibe chomuuza mwanayo, chifukwa iye amadziwa kale kuti wamkulu amapambana. Chimene sachidziwa n'chakuti mphamvu zili ndi malire, ndipo munthu wopanda mphamvu ali ndi zida zina, monga maso, makutu ndi kudikira.

Akuluakulu nawonso ankamvera nthanozi, ndipo sankazimva ngati zoseweretsa ana. Sindikunena kuti nthano ya chingwe idapekedwa chifukwa cha ulamuliro wa Apwitikizi. Koma m'nthawi ya chibalo ndi ulimi wa thonje wokakamiza, makolo a m'dziko lathu lino adachita zimene Kalulu akadazizindikira. M'madera a thonje alimi ena ankaphika mbewu mobisa asadabzale, kuti zisamere ndipo woyang'anira aganize kuti nthakayo siiyanja thonje. Ena ankangowoloka malire usiku kupita ku Nyasalande, kumene msilikali wa mbali ino sakadawatsata. Anthu amenewa adaphunzira nthawi imene kapitawo amayendera minda ndi zimene sayang'ana, pomwe iye sankawadziwa ngakhale maina.

Tsopano ndibwerere kwa bambo adaimba lamya aja, chifukwa mbali ina akunena zoona. Kalulu si munthu wabwino. Pa nthano ya chingwe palibe chimene Njovu ndi Mvuu adamulakwira kupatula kumuseka, ndipo iye adanama kawiri asadadye n'komwe kadzutsa. Tikamaulutsa nthano zokhazo zimene Kalulu amapambana, mwana angathe kumva kuti bodza ndilo nzeru. Cholakwa chimenechi ndi changa monga wosankha nthano, pakuti agogo ankakamba ndi zina zomwe.

Kumbukirani nthano ya chitsime. Kudagwa chilala, nyama zonse zidakumba chitsime, koma Kalulu adakana kukumba. Usiku ankabwera ndi uchi, n'kunyengerera mlonda kuti alole kumangidwa ndi chingwe kuti alaweko, kenaka n'kutunga madzi ndi kusamba momwemo. Alonda akuluakulu onse adamangidwa motsatizana. Pomaliza Fulu adadzipereka, nyama zina zikumuseka. Adapaka ulimbo pamsana pake n'kukhala chete m'madzi ngati mwala. Kalulu atafika sadaone mlonda, ndipo adaponda pamwalapo n'kukanirira. Adamenya ndi dzanja, dzanja lidakanirira, adaponda ndi mwendo wina, nawonso udakanirira.

Taonani chimene chachitika apa. Kalulu atapambana kambirimbiri adasiya kuyang'ana. Adayamba kukhulupirira nzeru zake monga Njovu ankakhulupirira mphamvu zake, ndipo atakodwa adachita za chimphona zenizeni, kumenya ndi kuponda. Fulu ndiye adakhala pansi n'kuphunzira njira imene Kalulu amadzera ndi pamene amaponda. Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. N'zoona kuti okamba ambiri amamupulumutsanso Kalulu pamapeto pa mlandu, koma manyazi ogwidwa ndi Fulu amakhala atamugwera kale. Ndiye m'nthano zathu chimphona sachiyesa ndi msinkhu wokha. Aliyense amene wazolowera kupambana mpaka kuleka kufunsa za mnzake wasanduka chimphona, ngakhale akhale ndi makutu aatali ndi kamchira kakafupi.

Choncho sindisiya kuulutsa nthano ya chingwe, koma kuyambira mwezi umenewo ndimaiphatikiza ndi ya chitsime madzulo omwewo. Ndikatha, ndimafunsa ana amene amabwera ku wailesi mafunso awiri: kodi Njovu akadachita chiyani kuti asanyengedwe, nanga Kalulu adalakwa pati pachitsime? Mtsikana wina wa zaka ngati khumi adayankha funso loyamba kuti Njovu akadangoyenda motsata chingwe. Atafika pa funso lachiwiri adaganiza pang'ono, kenaka n'kunena kuti Kalulu akadayamba wafunsa kuti mwala umenewu wabwera liti.

Kwa bambo aja, ngati kabukuka kafika m'manja mwanu, ndikuti ana anu sadzakumangani chingwe ngati inu mukuwadziwa monga iwo amakudziwirani. Usiku uno muwakambire nthano ziwirizi, ndipo mukatha muwafunse kuti pakhomo panu Njovu ndi ndani.