Mizere isanu ya akauntanti

Lamulo la msonkho kuno ku Malawi limati makampani ambiri olembetsedwa m'dziko muno azipereka 30 peresenti ya phindu lawo. Koma tsegulani lipoti la pachaka la kampani ina iliyonse ya pa msika wa masheya ku Blantyre, mugawe msonkho womwe yalemba ndi phindu lake msonkho usanachotsedwe. Si kawirikawiri kuti mupeze 30 wathunthu. Ena akaona 26 amathamangira kunena kuti kampaniyo ikuzemba MRA. Yankho limakhala chakumapeto kwa lipotilo, m'katebulo komwe ndondomeko ya IAS 12 imalamula kuti kazikhalapo, ndipo ndi m'katebulo komweko momwe akauntanti waluso amadziwikira.

Tiyerekeze kuti kampani yapeza phindu la K800 miliyoni. Pa 30 peresenti, msonkho ukanakhala K240 miliyoni, koma m'mabuku mwalembedwa K213 miliyoni, yomwe ndi pafupifupi 26.6 peresenti. Ntchito ya akauntanti ndi kutiyendetsa kuchokera pa 240 mpaka pa 213 popanda tambala yosowa mwini.

Amayamba ndi ndalama zomwe kampani idawononga koma a msonkho salola kuti zichotsedwe pa phindu, monga chindapusa. Tinene kuti zakwana K50 miliyoni. Salemba 50 m'tebulomo, amalemba 15, chifukwa chomwe chikufunika ndi msonkho wa ndalamazo. Tafika pa 255. Kenaka pali K18 miliyoni ya chaka chatha: msonkho udawerengedwa moperewera ndipo wakonzedwa chaka chino. Tafika pa 273. Mzere wachitatu ndiwo ukugwetsa zonse. Zaka zam'mbuyo kampaniyi idaluza K200 miliyoni, ndipo poti panalibe chitsimikizo choti idzapanganso phindu, mabuku sadawerengere kuti kuluzako kudzachepetsa msonkho tsiku lina. Chaka chino kwachepetsadi, ndi K60 miliyoni. Mukachotsa 60 pa 273 mutsala ndi 213. Mizere isanu basi, kuphatikizapo woyamba ndi womaliza.

Komabe chomwe chimandigometsa kwambiri ndi mzere womwe katswiri amausiya dala. Kampaniyi ili ndi makina, ndipo mabuku ake akuti mtengo wa makinawo watsika ndi K100 miliyoni chaka chino chifukwa cha kutha. A msonkho ali ndi kawerengedwe kawo, ndipo alola kuchotsa K140 miliyoni. Kusiyana kwa K40 miliyoni kumeneku kukuchepetsa msonkho wolipira tsopano ndi K12 miliyoni. Wophunzira ntchito amafuna kuika 12 ameneyu m'tebulo. Katswiri amakana. Pa moyo wonse wa makinawo, mabuku ndi a msonkho adzachotsa ndalama zofanana. A msonkho angofulumira chabe. Zili ngati kutenga katapila wopanda chiwongoladzanja: lero m'thumba mwadzaza, koma ngongole ilipo. Choncho K12 miliyoniyo imalembedwa ngati msonkho wodzalipira m'tsogolo, ndipo K213 miliyoni ija yauphatikiza kale. Chomwe chachoka kuno chalowa uko, tebulo silikhudzidwa. Ndiye chifukwa chake 213 si ndalama yomwe yapita ku MRA chaka chino, ngakhale anthu ambiri amaiwerenga choncho.

Apa mpomwe tebuloli limasanduka msampha wogwira zolakwa. Tinene kuti wina waiwala kulemba msonkho wam'tsogolowo. Mabuku aonetsa 201, pomwe tebulo likuumirira pa 213. Waulesi amatseka mpatawo ndi mzere wa "zina ndi zina" n'kumapita kwawo. Waluso amatenga 12 wosowayo n'kumugawa ndi 0.3, apeza 40, n'kuyamba kusaka komwe kuli K40 miliyoni. Akatsegula kaundula wa makina amaipeza ili phee, pakati pa 100 ndi 140. Maodita nawo amadziwa njira imeneyi, ndipo mzere wa "zina ndi zina" ukanenepa amafunsa mapepala ake.

Tebulo lolembedwa bwino limauzanso wowerenga za mawa. Pa mizere itatu yapakati ija, chindapusa ndi zinzake zikhoza kubweranso chaka chilichonse, koma K18 miliyoni ya chaka chatha ndi yakamodzi, ndipo kuluza kwa K200 miliyoni kwagwiritsidwa ntchito konse, kwatha. Ngati phindu ndi ndalama zosaloledwa zija zikhala chimodzimodzi chaka chamawa, msonkho udzakhala K255 miliyoni, pafupifupi 31.9 peresenti. Inu amene muli ndi masheya m'kampani yotereyi, musawerengere 26.6 pokonza za chaka chamawa: phindu lotsala msonkho utachotsedwa lidzatsika ndi K42 miliyoni ngakhale malonda atayenda monga ayendera chaka chino.