Sabata ya njala m'kope la mmisiri wa ku Machinjiri

Mmisiri wina womanga nyumba ku Machinjiri, amene ndakhala ndikumuonerera pa ntchito kwa zaka zingapo, sayamba kukumba maziko asanathe tsiku lathunthu ali pakhonde ndi kope la ana asukulu, lula ndi pensulo. Anyamata ake amati akuluwo akuombeza. Sakulakwitsa kwenikweni, chifukwa chimene amafunafuna m'kopemo ndi tsiku limene lisanafike: Loweruka limene adzapise m'thumba n'kupeza mulibe kanthu, anyamata ali chilili kudikira malipiro. Iye amalitchula kuti sabata ya njala. Amati mlimi wanzeru amayang'ana nkhokwe mu Juni n'kudziwiratu kuti chimanga chidzatha mu Januwale kapena mu Febuluwale, ndipo womanga nyumba naye ayenera kudziwa chimodzimodzi.

Nyumba zambiri zimene amamanga eni ake ali ku Joni. Munthu wagula puloti ku Area 5 kapena cha ku South Lunzu, ndalama akutumiza m'zigawo kudzera pa Mukuru kapena kubanki, ndipo chigawo chilichonse chimatuluka ntchito ikafika pamene adagwirizana. Vuto lili apa: simenti, mabuloko ndi malata zimafuna ndalama ntchito isanagwiridwe, pamene mwini nyumba amalipira ntchito itagwiridwa. Pakati pa masiku awiriwa pali mpata, ndipo amisiri ambiri odziwa bwino kugwira chipande agwera pamenepo.

Nayi ntchito imodzi monga momwe adandilongosolera. Manambala ndawafewetsa kuti aliyense athe kuwerengera yekha, ndipo mitengo yake musapite nayo ku hadiweya. Nyumba ya zipinda zitatu, kuyambira maziko mpaka denga, mtengo K20 miliyoni, zipangizo ndi ntchito zonse za mmisiri. Zipangizo za maziko ndi silabu K3.6 miliyoni, za makoma K3.2 miliyoni, za lintala K1 miliyoni, za denga K5 miliyoni. Amisiri ndi aganyu amalandira K350,000 Loweruka lililonse kwa masabata 12, zomwe ndi K4.2 miliyoni. Zonse pamodzi ndi K17 miliyoni, phindu K3 miliyoni. Mwini nyumba adapereka maganizo ooneka achilungamo: zigawo zinayi zofanana za K5 miliyoni, choyamba posainirana, chachiwiri silabu ikatha, chachitatu lintala ikathiridwa, chomaliza denga likakhomedwa. Ambirife tikadangogwirana chanza pomwepo.

Iye adatsegula kope. Tsamba amaligawa m'madanga anayi: sabata, zolowa, zotuluka, zotsala. Sabata iliyonse ili ndi mzere wake. Salemba mwa mwezi, chifukwa mwezi umabisa zinthu: ndalama yolowa pa 28 imaphimba papepala ngongole ya pa 10, koma siphimba njala ya mnyamata amene sadalipidwe pa 10 pomwepo.

Chimene ndimachisirira kwambiri ndi momwe amalembera danga la zolowa. Salemba tsiku limene ntchito idzathe, amalemba tsiku limene ndalama idzafike m'manja mwake, ndipo pakati pa awiriwa amaika masabata awiri. Silabu ikatha, pamafunika mchimwene wa mwini nyumba abwere kuchokera ku Bangwe kudzaona ndi maso, ajambule zithunzi, atumize, mwiniwake adikire malipiro ake a kumapeto kwa mwezi, kenako ndalama iyende. Palibe amene akuchita chinyengo, koma masabata awiri apita. Danga la zotuluka amalichita mosemphanitsa: amalemba tsiku logula, osati tsiku logwiritsa ntchito. Malata okhomedwa sabata ya 11 ndalama yake imachoka sabata ya 10. Zolowa amazikankhira kutsogolo, zotuluka amazikokera pafupi, ndipo akalakwitsa amalakwitsira mbali yosapweteka.

Atatero, zigawo zinayi zofanana zija zidaonetsa nkhope ina. Pa K5 miliyoni yoyamba, maziko, silabu ndi malipiro a masabata atatu zidadya K4.65 miliyoni, n'kutsala K350,000. Sabata yachinayi pafunika theka la mabuloko ndi simenti ya makoma, K1.6 miliyoni, kuphatikizapo malipiro, chigawo chachiwiri chisanafike. Apa mmisiri waperewedwa kale K1.6 miliyoni. Sabata yachisanu ndalama yafika, mpweya wabwerera, koma pofika sabata ya 8, pogula zitsulo, miyala ya kwale ndi matabwa a lintala, waperewedwanso K600,000. Sabata ya 9 kuperewerako kwafika K950,000. Ndiye kukubwera sabata ya 10, yogula malata, makenchi ndi misomali ya K5 miliyoni, chigawo chachitatu chikadali m'njira. Danga la zotsala likuti mmisiri ayenera kupeza K6.3 miliyoni ya m'thumba mwake.

Taonani bwino nambala imeneyi. Phindu la ntchito yonse ndi K3 miliyoni, ndipo silidaname: sabata ya 14, chigawo chomaliza chikalowa, mzere wotsiriza ukusonyezadi K3 miliyoni. Koma kuti akafike kumeneko, munthu ayenera kuwoloka sabata imene ikufuna ndalama zoposa kawiri phindu lakelo. Amene alibe ndalama zimenezo ali ndi njira zitatu, zonse zowawa. Aimitse ntchito, amisiri ake abwino atengedwe ndi ena. Apite kwa akatapila, chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chidye phindu la miyezi itatu. Kapena achite chimene chaononga mbiri ya amisiri ambiri m'tauni muno, kulandira ndalama ya maziko a kasitomala wina n'kukagulira malata a uyu. Mukamayenda m'Machinjiri kapena ku Chilomoni n'kuona nyumba yaima pa lintala, udzu utamera m'zipinda, musafulumire kunena kuti mmisiri adali wakuba. Zina mwa nyumbazo zidagwa m'sabata ya 10 imene palibe adaiona ikubwera.

Mmisiri wathuyu sadakweze mtengo ngakhale ndi tambala imodzi. Adaimbira mwini nyumba n'kunena kuti, "Abwana, ndalama ndi yomweyo, K20 miliyoni. Ndikungopempha tisinthe kagawidwe ndi masiku ake." Adapempha K7 miliyoni poyamba, K4 miliyoni silabu ikatha, K7 miliyoni yachitatu, ndi K2 miliyoni pomaliza. Ndipo chigawo chachitatu adachisuntha: m'malo modikira lintala, chiitanitsidwe makoma akangofika pamutu pa mazenera, kumapeto kwa sabata ya 7, kuti chifike sabata ya 9 malata asanagulidwe. Kusunthako ndi kwa masabata awiri okha, koma ndi kumene kudachotsa njala yaikulu ija.

Werengeraninso. Sabata yachitatu ikutha ndi K2.35 miliyoni, yachinayi ndi K400,000. Yachisanu ikukwera kufika K4.05 miliyoni, kenako kutsika pang'onopang'ono mpaka K400,000 pa sabata ya 8. Sabata ya 9 ikufika K7.05 miliyoni, malata akulandapo gawo lake, ndipo ntchito ikutha sabata ya 12 m'thumba muli K1 miliyoni, kudikira K2 miliyoni yomaliza. Palibe mzere umene ukutsika kupyola ziro. Pamene patsikitsitsa, kawiri konse, pali K400,000, ndipo nambalayi sidangochitika mwangozi. Lamulo lake ndi lakuti zotsala zisachepere malipiro a Loweruka limodzi, kuti lole ya mchenga ikafa panjira kapena madzi a Blantyre Water Board akasiya n'kufunika kugula a m'migolo, anyamata asagone ndi njala.

Mwini nyumba adayamba wakana, ndipo ine sindimuda. Anthu a ku Joni amva nkhani zokwanira za abale otumiza zithunzi za nyumba ya eni ake ndalama atadya. Kupereka K7 miliyoni malata asanaoneke kumafuna mtima. Mmisiriyo adayankha ndi zinthu ziwiri. Choyamba, K2 miliyoni yomaliza ndi magawo awiri mwa atatu a phindu lake, choncho akathawa ntchito isanathe wadziluma yekha. Chachiwiri, malata akagulidwa amatsitsidwa papuloti pomwepo mchimwene uja akuwerenga, lisiti n'kujambulidwa tsiku lomwelo. Adamutumiziranso chithunzi cha tsamba la kope lija. Munthu amene waona ndi maso ake K6.3 miliyoni yoperewera ija savutanso kumufotokozera.

Pali kanthu kena kamene kope limamuthandiza kusankha: chogula msanga ndi choti chidikire. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, itatsitsanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo mitengo ya m'mahadiweya idatsatira posakhalitsa. Mmisiri amene adagwirizana mtengo wosasintha, ndalama ya malata ili chigonere pa foni, adaona denga lake likufupika. Kuyambira pamenepo, ndalama ya malata ikafika, iye sailola kugona usiku wopitirira uwiri, poti malata akasungidwa pouma saonongeka. Simenti ndiye ayi. Thumba la makilogalamu 50 likakhala miyezi ingapo, makamaka nthawi ya mvula, limayamwa chinyezi, limachita zibuma, mphamvu n'kutsika. Choncho simenti amagula ya masabata awiri kapena atatu, ngakhale akuopa kuti mtengo ukwera. Amalembanso m'pangano kuti mtengo wa denga udzaonedwenso ngati chigawo chachitatu chachedwa kupitirira mwezi.

Kopelo silitsekedwa ntchito ikayamba. Loweruka lililonse madzulo, atalipira anyamata, amalemba ndi bolopeni yofiira pambali pa manambala a pensulo zimene zatulukadi, kenako amafufuta zotsala za masabata onse akutsogolo n'kuwerengeranso. N'chifukwa chake amakonda pensulo. Chizindikiro chimene amachiopa si kusiyana kwakukulu kwa tsiku limodzi, chifukwa chimenecho chimaoneka chokha. Amaopa yofiira ikamaposa ya pensulo pang'onopang'ono masabata atatu otsatizana, K60,000 apa, K80,000 apo. Zimenezo zimatanthauza kuti simenti ikutuluka pakhomo la kuseri, kapena matope akusakanizidwa mowolowa manja, kapena ntchito ya masiku asanu ikutenga asanu ndi awiri. Ndipo K400,000 ija sichedwa kutha.

Sabata yachisanu ya ntchito ija ndidamupeza pamsika wa Luwanda akugula tomato. Pa foni yake padali K4 miliyoni ndi kanthu. Mnzake wina adamuyandikira kuti ambwereke K500,000 ya masiku khumi okha, yoti akawombolere katundu ku Limbe. Iye adatulutsa kope m'thumba la ovolosi, n'kuloza mzere wa sabata ya 8. "Achimwene, ndalama mukuionayi ili ndi eni ake kale. Iyi ndi ya mabuloko a sabata yamawa, iyi ndi ya zitsulo za lintala, iyi ndi ya Maloweruka atatu. Yangayanga ibwera sabata ya 14, mudzandipeze pamenepo." Mnzakeyo adaseka, nati akuluwa ayambanso maula awo. Mmisiri adalipira tomato wake ndi ndalama ya m'thumba lina, n'kukwera kabaza kubwerera kupuloti, kumene anyamata adali akuthirira mabuloko.