Konzani kuwala, khungu lisiyeni

Nkhope yomwe yada chifukwa kuwala kunachepa pojambula ndi yosiyana ndi nkhope ya munthu wakhungu lakuda. Wojambula akasokoneza ziwirizi, mkwatibwi amatuluka pachithunzi ali mbuu, nkhope yoyera koma khosi, makutu ndi manja zili zakuda. Amenewo ndi malo oyamba kuyang'ana pofuna kudziwa ngati khungu layeretsedwa.

Vutoli linayamba kale. Kuyambira m'ma 1950, kampani ya Kodak inkapatsa otsuka zithunzi khadi la Shirley, lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, kuti aziyezerapo mitundu. Khadi la amayi a makungu osiyanasiyana linadzatuluka m'ma 1990. Amene amayeretsa kasitomala osafunsidwa akupitiriza muyezo womwewo, ndipo akumuuza zomwe amanena ogulitsa mafuta oyeretsa khungu: kuti mmene anabadwiramo mpofunika kukonza. Lusonso limawonongeka, pakuti nkhope yakuda imaoneka bwino chifukwa cha kunyezimira kwa pachipumi, pamphuno ndi m'masaya. Mukayeretsa paliponse, nkhope imasanduka yafulati.

Taganizirani mkwatibwi wovala diresi loyera ataima panja pa tchalitchi masana, dzuwa lili paliwombo. Kamera imayeza kuwala konse n'kuyesa kukufikitsa pakatikati. Ikaona diresi ndi thambo zowala kwambiri, imachepetsa kuwala, nkhope n'kumira mumdima. Apa khungu silinalakwe, kamera ndiyo yapusitsidwa.

Mankhwala enieni ali pojambula pomwepo. Muimikeni mkwatibwiyo pamthunzi wa khonde, nkhope italoza komwe kukuchokera kuwala. Wina agwire nsalu yoyera kapena chikatoni choyera cham'munsi mwa nkhope kuti kuwala kubwerere m'maso. Kenaka onjezerani kuwala pakamera kufika pa `+1`, uku mukuonetsetsa kuti maluwa osokedwa pa diresi akuonekabe. Jambulani mu `RAW`, chifukwa `JPEG` imataya zambiri za mumthunzi.

Ngati chithunzi chada kale, mu Lightroom sankhani munthu yense, osati nkhope yokha, n'kukweza `Exposure` pang'onopang'ono, kenaka `Shadows` pang'ono. Mukatero maso, tsitsi, khosi ndi manja zimawala limodzi, monga zikanakhalira kuwala kukanakwanira. Musakweze `Luminance` ya `Orange`, chifukwa imeneyo imayeretsa khungu n'kusiya tsitsi ndi maso zili mumdima. Imani pomwe maso ayamba kuoneka bwino. Mukapitirira, khungu limatuwa ndipo mumthunzi mumabuka timadontho ngati mchenga. Chithunzi chikada mopitirira, kuli bwino kujambulanso kusiyana ndi kuchikakamiza.

Nanga kasitomala akapempha yekha kuti mumuyeretse? Muonetseni kaye chithunzi chokonzedwa kuwala kokha. Kawirikawiri chimene chimamudandaulitsa ndi chakuti nkhope yake siikuoneka, ndipo limenelo ndi vuto lomwe wojambula angathetse popanda kusintha mtundu wa munthu.