Kashiamu wa ziro m'mitsempha ya mtima: kodi wodwala asiye sitatini?

Mu 2018 mabungwe awiri a madokotala a mtima ku America, American Heart Association ndi American College of Cardiology, adatulutsa malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala ochepetsa kolesitolo otchedwa sitatini. Ndime imodzi ya malangizowo imakamba za munthu amene sanadwalepo mtima, koma chiopsezo chake chili pakatikati. Iwo akuti dokotala ndi wodwala akasowa chochita, atha kujambula mitsempha ya mtima ndi makina a CT, kuona kashiamu amene ali m'makoma ake, n'kumanga mfundo potengera zotsatirazo. Ndimeyi ili ndi nzeru ndithu, koma umboni wake ndi wochepa kusiyana ndi mmene ambiri amauonera.

Kashiamu amaunjikana pamene mafuta akhala akumanga m'khoma la mtsempha kwa zaka zambiri, choncho ali ngati chipsera cha matenda amene adayamba kale. Kujambulako sikufuna jakisoni, ndipo wodwala amangogwira mpweya kwa masekondi ochepa. Kompyuta imayeza kukula kwa kadontho koyera kalikonse ndi kulimba kwake, n'kuphatikiza zonse kukhala nambala imodzi, mwa njira imene Arthur Agatston adafalitsa mu 1990. Ziro ndiye kuti kashiamu sanaoneke. Malangizo aja akuti nambala ikakhala ziro, sitatini atha kuyamba waima n'kuunikanso pakatha zaka 5 mpaka 10. Ikakhala pakati pa 1 ndi 99, kupereka mankhwala kumakomerako, makamaka kwa amene afika zaka 55. Ikafika 100, mankhwala ayambike.

Mwachitsanzo, pakhale bambo wa zaka 58, wosasuta fodya, wopanda shuga, amene magazi ake amathamanga pang'ono ndipo kolesitolo ndi wokwererapo. Masamu a dokotala akusonyeza kuti mwa amuna 100 ofanana naye, 6 adzadwala mtima kapena sitiroko m'zaka 10 zikubwerazi. Malangizo a 2018 adati chiopsezo cha pakati pa 5 ndi 7.5 pa 100 chili m'malire, ndipo bamboyu sakufuna kumwa piritsi tsiku ndi tsiku popanda chifukwa chomveka.

Apa ndi pamene kafukufuku wa MESA amathandiza. Adayamba mu 2000 ndi anthu 6,814 a zaka 45 mpaka 84 m'madera 6 a ku America, onse osadwalapo mtima. Mwa amene anali m'malire ngati bamboyu, oposa theka anali ndi ziro. Mwa a zirowo, amene adadwala m'zaka 10 anali pafupifupi 15 pa 1,000, pamene mwa amene anali ndi kashiamu anali pafupifupi 74 pa 1,000. Ngati sitatini amapewetsa vuto limodzi mwa anayi alionse, ndiye kuti anthu 1,000 a ziro atamwa mankhwala kwa zaka 10, opulumuka angakhale 4 okha. Mwa 1,000 a kashiamu angakhale 18 kapena 19. Kusiyanaku n'kwakukulu, ndipo bambo uja akamva nambala yake amakhala ndi poyambira. Mbali imeneyi ya malangizo ilibe chilema.

Chilema chili pa mtundu wa umboniwo. MESA adangotsatira anthu n'kuona amene adadwala. Sadachite mayere kuti ena ajambulidwe ena asajambulidwe, kapena kuti a ziro ena amwe mankhwala ena asamwe. Masamu a pamwambawa ndi ongoyerekeza, ndipo akutenga kuti sitatini amagwira ntchito pa mlingo wofanana mwa onse. Kudziwa amene adzadwale ndi nkhani ina, kusonyeza kuti kujambula kumachepetsa odwala ndi inanso. N'chifukwa chake m'chaka chomwecho cha 2018 bungwe la US Preventive Services Task Force, litaunika nkhani yomweyi, lidati umboni sunakwane kuti livomereze kapena kukana. Ku Denmark adayesa mwa mayere: kafukufuku wa DANCAVAS adakhudza amuna oposa 46,000 a zaka 65 mpaka 74, ena mwa iwo n'kuitanidwa kukayezedwa zinthu zingapo kuphatikizapo kashiamu. Zotsatira za mu 2022 zidasonyeza kuti patatha zaka zoposa 5, omwalira anali 12.6 pa 100 mwa oitanidwa ndi 13.1 mwa osaitanidwa, kusiyana kumene kukadatha kungochitika mwamwayi. Amunawo anali achikulire ndipo sadasankhidwe chifukwa chokhala m'malire, choncho DANCAVAS sakugwetsa malangizowo. Koma sakuwachirikizanso.

Vuto lachiwiri ndi loti makina amaona mafuta olimba okha. Mafuta ofewa, amene sanayambe kugwira kashiamu, saoneka, chonsecho atha kuphulika n'kutseka mtsempha. Olemba malangizo adadziwa zimenezi, ndipo adati ziro asakhulupiriridwe mwa osuta fodya, odwala shuga, ndi amene kwawo kuli mbiri yodwala mtima anthu akadali achichepere. Mawu amenewa ndi amene amasowa nkhani ikamafalikira. Wodwala amangokumbukira kuti "ndilibe kanthu", n'kusiya ngakhale mankhwala a kuthamanga kwa magazi, amene sikaniyo sinawakhudze n'komwe. Ndipo munthu amene akumva kupweteka pachifuwa sali m'gulu limeneli. Ziro wa chaka chatha si chifukwa chomubwezera kunyumba. Palinso chodabwitsa china: sitatini amalimbitsa mafuta a m'khoma, motero nambala imatha kukwera mwa munthu amene mankhwala akumuthandiza. Kujambulanso pofuna kuona ngati mankhwala akugwira ntchito kumangosokoneza.

Kwa ogwira ntchito zaumoyo m'Malawi, nkhaniyi imafika kudzera mwa odwala amene ajambulidwa kunja kapena kuchipatala cholipira n'kubwera ndi pepala la zotsatira. Powerenga pepalalo, mfundo ziwiri zimalemera kuposa mmene zimalemerera ku America. Yoyamba ndi HIV. Kafukufuku wa REPRIEVE, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2023, adatenga anthu 7,769 okhala ndi HIV, a zaka 40 mpaka 75, ena a m'maiko a kum'mwera kwa Africa, onse a chiopsezo chochepa kapena chapakati. Mwa mayere, ena adamwa pitavasitatini, ena piritsi lopanda mankhwala, ndipo matenda akuluakulu a mtima ndi mitsempha adachepa ndi 35 pa 100 mwa omwa mankhwalawo. Anthuwa sadasankhidwe potengera kashiamu. Bambo uja akadakhala kuti ali pa ma ARV, umboni wa mayere ukadamuuza kuti amwe sitatini, ndipo ziro wochokera ku kafukufuku wongotsatira anthu sakadakhala ndi mphamvu yoletsa. Mwa anthu a HIV mafuta ofewa aja amapezekanso kwambiri.

Yachiwiri ndi sitiroko. Kashiamu wa m'mitsempha ya mtima amalosera bwino matenda a mtima kuposa sitiroko, pamene m'zipatala za m'Malawi sitiroko yobwera ndi kuthamanga kwa magazi ndi imene imadzaza mabedi. Masamu amene amaika munthu "m'malire" nawonso adapangidwa pa anthu a ku America, ndiye 6 pa 100 uja atha kukhala wolakwika makina asanayatsidwe.

Pamwamba pa zonsezi, CT imajambulanso mbali ya mapapo. M'dziko limene ambiri ali ndi zipsera za TB yakale, timadontho ta m'mapapo tidzaoneka pafupipafupi, ndipo kalikonse kadzafuna kufufuzidwa, ndi ndalama zake ndi nkhawa zake. Wodwala akabwera ndi pepala lolembedwa ziro, mafunso oyamba akhale a fodya, shuga, HIV, mbiri ya kumtundu ndi kupweteka pachifuwa, kenako ayezedwe kuthamanga kwa magazi.