Kolasi ndi ya ovomera

Ku Nsaru nyimbo zimamveka paliponse. Pamsika masipika a anyamata olowetsa nyimbo m'mafoni amalira mopikisana, kumidzi ya kwa Kabudula amayi amavina chimtali paukwati, ndipo Gule Wamkulu akatuluka kudambwe bwalo lonse limayimba. Koma mwa nyimbo zonsezi, n'zochepa zomwe munthu amapita nazo kunyumba, n'kuzipeza zili pakamwa m'mawa akupalira mtedza. Chimene chimatsala m'mutu ndi kachidutswa kamodzi ka kolasi. Ine ndimakhulupirira kuti kachidutswako kamagwira pokhapokha wopeka atakumbukira kuti si iye adzakayimbe. Kolasi ndi ya ovomera, ndipo iyenera kupangidwa molingana ndi mpweya wawo, manja awo ndi miyendo yawo.

Taonani chimtali. Mayi mmodzi amatsogolera nyimbo, gulu n'kuvomera. Ovomerawo sakhala pampando. Akuzungulira bwalo, akudikula, ena ali ndi mwana kumsana. Munthu wotere simungamupatse chiganizo chachitali. Mpweya umuthera pakati, mawu omaliza amezeka, ndipo pobwereza kachitatu theka la gulu lidzakhala likungong'ung'udza. Choncho kufupika kwa kolasi sikuchokera ku ulesi wa wopeka. Thupi lovina ndilo limalamula.

Tiyeni tipeke nyimbo yathuyathu kuti tione mmene ntchitoyi imayendera. Nkhani yake ikhale yomwe mlimi aliyense wa kuno amaidziwa, ya venda wogula mbewu ndi sikelo yokhota. Wopeka wongoyamba kumene angalembe kolasi yotere: "Mavenda a pamsika akutibera mtedza wathu ndi sikelo zawo zabodza." Mfundo ndi yoona, koma maphatikizo apitirira 20, ndipo palibe povina. Tikachotsa zonse zomwe omvera akuzidziwa kale, monga msika, mtedza ndi mavenda, patsala mawu awiri: "Sikelo yanama." Maphatikizo ndi 6 okha. Mlandu wonse uli momwemo, ndipo venda sanatchulidwe n'komwe, zomwe zimalola ngakhale mkazi wa venda kuyimba nawo.

Kufupikitsa ndi chiyambi chabe. Ntchito yeniyeni ili pokhazika mawuwo pa ng'oma. Magule ambiri a kuno amayenda pa mzungulire wa timagunda 12 tofulumira, ndipo m'manja mukhoza kuwomba kanayi, pa 1, 4, 7 ndi 10. Chichewa nacho chili ndi chizolowezi chake. Mawu amalemera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Timati siKElo, timati yaNAma. Ndiye wopeka waluso amayamba "si" pa 6, kuwomba m'manja kusanafike, kuti "ke" agwere pa 7 ndipo "na" agwere pa 10. "Ma" atsala pa 11. Yesani kuwomba nokha mumve. Kenako yesani kulakwitsa dala, muike "si" pomwe manja akuwomba. Mawu ndi omwewo, koma akumveka ngati akuyimba ndi mlendo, ndipo mwendo ukukayika poponda. Makolasi ambiri omwe amakanika kugwira amafera apa. Wopeka amadandaula kuti anthu sanaimvetse nyimbo, pomwe vuto n'lakuti lilime ndi ng'oma zikukokana.

Chimodzimodzi kukwera ndi kutsika kwa mawu. Chichewa chili ndi nyimbo yake ngakhale polankhula, ndipo maimbidwe otsutsana nacho kwambiri amachititsa womvera kufunsa mnzake kuti akuti chiyani. Njira yabwino ndi kulankhula mawuwo mokweza kangapo, ngati ukuuza munthu wa kutsidya kwa dimba, n'kutenga maimbidwe kuchokera pomwepo.

Pa 12 sitinaikepo kanthu, ndipo tasiya dala. Pamenepo ndi popumira. Ndi pomwenso woimba ng'oma amapeza mpata woyankha, monga mbalule imachitira pa Gule Wamkulu ikamatsata mapazi a wovina, kapena pomwe nthungululu imalowera. Kolasi yodzaza mpaka pakamwa imatsekera anthu kunja. Opeka achinyamata amaopa kampata aka, amaona ngati nyimbo yaperewera, n'kuthirapo mawu ena. Akatero achotsa khomo lomwe gulu likanalowera.

Tsopano kubwereza. Anthu amati nyimbo zathu zimangobwereza chinthu chimodzi, koma amene amatero sanamvetsere bwino. Chomwe chimabwerezedwa ndi mbali ya ovomera. Wotsogolera amasintha nthawi zonse. M'nyimbo yathu ija ali ndi malo kuyambira pa 1 mpaka 5. Ayambe ndi "Chaka chathunthu," gulu livomere "Sikelo yanama." Abwere ndi "Thumba lodzaza," yankho lomwelo. Kenako "Fizi ya mwana," yankho lomwelonso. Mizere itatu yonseyi ili ndi maphatikizo 5, ndipo kulemera kwake kukugwera pa 1 ndi pa 4. Kamangidwe sikanasinthe, koma tanthauzo la yankho likukula. Poyamba sikelo yanamiza thukuta la chaka, kenako yanamiza thumba looneka ndi maso, pomaliza yalanda mwana sukulu. Mawu awiri omwewo afika polasa mtima chifukwa cha zomwe zawatsogolera. Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi zambiri zotuluka m'masitudiyo masiku ano. Kolasi amaijambula kamodzi n'kuimata pakompyuta malo anayi, yofanana ndendende. Pabwalo sizitero. Ulendo wachisanu mawu amakhala atakwera, wina wathira mang'ombe, ng'oma yawonjeza moto. Wojambula wanzeru amayimbitsa kolasi iliyonse payokha, kapena amasintha kanthu kamodzi pobwereza, monga kuchotsa zoimbira zonse kuti patsale manja okha.

Umboni wakuti kamangidwe kamaposa kuchuluka kwa mawu tinauona ndi "Linny Hoo" ya Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu. Mu 2020 Patience Namadingo anayimba naye nyimboyi mkuluyu ali ndi zaka pafupifupi 90, ndipo chakumapeto kwa 2021 inafala pa TikTok mpaka kumayiko komwe sadziwa chinenero chilichonse cha ku Malawi. Chomwe anthuwo anagwira ndi chomwe chili pamutu wa nyimboyo: dzina lalifupi la munthu ndi liwu lotseguka lokokedwa, lomwe pakamwa paliponse pangathe kutulutsa. Mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u, choncho mwayi wokoka liwu tili nawo pa mzere uliwonse. Koma a ndi o amatseguka bwino pokuwa kuposa i ndi u, ndipo n'chifukwa chake ndinasankha "yanama" m'malo mwa mawu othera pa i.

Kubwereza kuli ndi malire ake. Pabwalo kolasi ikhoza kuzungulira nthawi yaitali chifukwa maso ali pa ovina ndipo wotsogolera amaona gulu likatopa n'kusintha nyimbo. Pa wailesi kapena pafoni palibe woona zimenezo, ndiye kolasi yopanda chosintha imatopetsa mphindi zitatu zisanathe.

Wopeka wofuna kudziwa ngati kolasi yake yapsa achotse mawu onse, aiwombe m'manja mokha pamaso pa anthu omwe anaimva kamodzi. Akaizindikira, kamangidwe kake kalipo. Kenako aipereke kwa amayi a chimtali akuvina, osati atakhala pansi, ndipo amvetsere mawu omwe akumezeka. Amenewo achotsedwe, ngakhale atakhala omwe iye amawakonda kwambiri.