Kankhope kachisoni pa katoni ya chidole

Pa katoni ya kagalimoto kapulasitiki, konga timene amalonda amapikula ku Limbe n'kudzayala pamsika wa Chapananga, pamakhala kachizindikiro kochepa ngati chikhadabo. Ndi mkombero wofiira wodulidwa ndi mzere, m'kati mwake muli nkhope ya mwana wosakondwa ndi manambala 0-3. Pambali pake pali mawu a Chingerezi, amene m'Chichewa akuti: chenjezo, muli tizidutswa ting'onoting'ono totsamwitsa, n'chosayenera ana osafika zaka zitatu.

Ambiri timawerenga manambalawa mozondoka. Ena amati chidolecho n'cha ana a zaka 0 mpaka 3, pamene mzere wofiirawo ukuletsa msinkhu womwewo. Ena amamva bwino koma amatsutsa, amati wangayu ndi wochenjera, wayamba kale kuyankhula. Chizindikirochi sichikuyeza nzeru za mwana. Chikuyeza kummero kwake, komanso chizolowezi cha msinkhu umenewu choika mkamwa chilichonse chimene dzanja latola.

Mawu akuti "ting'onoting'ono" ali ndi muyeso wake. Ku Ulaya ndi ku Amereka oyesa zidole amagwiritsa ntchito kachubu kotakata mamilimita 31.7, kakuya kuyambira mamilimita 25.4 mpaka 57.1 chifukwa pansi pake m'popendekeka. Chilichonse cholowa chonse m'menemo popanda kukanikiza chimatengedwa kuti chingatseke mpweya wa mwana wamng'ono. Wamalonda atha kupanga kake. Dulani katoni yotalika masentimita 10, mulifupi masentimita 6, ipindeni mpaka nsonga ziwiri za mbali yaitaliyo zikumane, mumate ndi selotepi.

Tsono tengani kagalimoto kaja. Konse kathunthu sikalowa, ndipo apa m'pamene wogula amanyengeka. Kokani tayala. Oyesa a ku Ulaya amakoka ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu 9, pafupifupi theka la ndowa ya malita 20. Tayala la masentimita awiri likazuka, limagwera m'kachubu muja mosavuta. Ndiye kuti chenjezo likunena za zimene chidolecho chidzasanduke chikapondedwa, chikalumidwa, chikakhala padzuwa la kuchigwa kuno mpaka pulasitiki kuuma. Ngati kali ndi magetsi, yang'ananinso chitseko cha batire: chizikhala cha sikuluwu. Kabatire kobulungira konga ndalama yachitsulo kakakakamira pammero kamatha kuwotcha mnofu m'maola awiri okha.

Pafupi ndi kankhope kaja mumapezekanso zilembo za CE. Zimenezi ndi mawu a wopanga mwiniyo akuti watsatira malamulo a ku Ulaya. Sizitanthauza kuti boma lina linachigwira n'kuchiyesa, si chidindo cha bungwe lathu loona za miyezo ya katundu la MBS, ndipo kuzisindikiza mwachinyengo n'kosavuta.

Chimene chimandipweteka n'chakuti chenjezo lonseli lalembedwa pa chinthu chimene chimayamba kutayidwa. Wamalonda amachotsa makatoni kuti katundu akwane m'thumba pokwera njinga yamoto. Zidole za m'kaunjika zimafika zilibiretu pepala. Wotsatsa pa WhatsApp amajambula mbali yokongola, n'kulemba mtengo basi. Opanga malamulo kwina anaziona zimenezi: lamulo la zidole la mayiko a ku Ulaya la 2009 limafuna kuti chenjezo lotere liwoneke munthu asanagule, ngakhale akugula pa intaneti, ndipo Amereka inakhazikitsa zofanana mu 2008. Wotsatsa kuno angachite chimodzimodzi ndi mzere umodzi pansi pa chithunzi: "Kagalimoto, zaka 3 kupita m'tsogolo, matayala amazuka, asagwire makanda." Pa zibaluni zakazo zikwere kufika 8, pakuti chibaluni chosapopa kapena chophulika chimamata pakhosi.

Palinso china chimene olemba chizindikirochi sanachiganizire. Iwo akuona mwana mmodzi ndi chidole chake. Kwathu chidole chogulira mwana wa zaka zisanu chimaseweredwa pamkeka womwe pakukwawa mng'ono wake, ndipo nthawi zambiri wamkuluyo ndiye mlezi mayi akapita kudimba kapena kumjigo. Motero funso la wogulitsa lisathere pa zaka za amene akumugulirayo. Afunsenso kuti, "Nanga kunyumbako wamng'ono kwambiri ali ndi zaka zingati, mayi?"

Mwana wotsamwa kwenikweni salira ndipo sakhosomola. Amangotong'ola maso, milomo n'kuyamba kuda, ndipo ubongo wosowa mpweya umayamba kuwonongeka pakangopita mphindi zinayi kapena zisanu. Kuchokera ku Chapananga kukafika kuchipatala chachikulu cha pa boma la Chikwawa ndi ulendo wautali kuposa pamenepo, makamaka nyengo ya mvula mtsinje wa Mwanza ukadzaza.